Chala chimalumpha, padi imayenda: menyu imodzi ya zonse ziwiri

Nintendo Switch, yomwe inatuluka mu 2017, imaseweredwa m'njira zingapo. Ikakhala m'manja, munthu atha kudina pa sikirini ndi chala. Akaikhazika pa mpando wake kuti gemu ioneke pa wailesi ya kanema, sikirini ija imabisika ndipo chotsala ndi padi basi. Menyu ndi yomweyo, koma iyenera kumvera zonse ziwiri, ngakhale wosewera atasintha pakati pa gemu.

Kusiyana kwake n'kwakuti chala chimafika paliponse nthawi imodzi, pomwe padi imayenda sitepe imodziimodzi: m'mwamba, m'munsi, kumanja, kumanzere. Choncho wapadi ayenera kudziwa pamene waima. Ndiye ntchito ya kampanda kowala kozungulira chinthu chimene chasankhidwa, komwe okonza magemu amati fokasi. Wachala alibe nako ntchito. Mavuto ambiri a menyu zoterezi amachokera pa kampanda kameneka.

Titenge sitolo ya m'gemu yokhala ndi katundu 12, zinthu zisanu pa mzere uliwonse. Mizere iwiri ndi yodzaza, wachitatu uli ndi zinthu ziwiri zokha. Wapadi waima pa chinthu cha nambala 9, ndipo wadina m'munsi. Pansi pake palibe kanthu. Apite kuti? Mu Unity, pulogalamu yomwe anthu ambiri amapangira magemu, batani lililonse lili ndi gawo lotchedwa `Navigation`. Mukalisiya pa `Automatic`, pulogalamu imangolota potengera malo amene mabatani ali, ndipo nthawi zina imalumphira batani losayenera. Mukaika pa `Explicit`, mumalamula nokha kuti wochoka pa 9 atere pa 12. Zimatenga nthawi, koma ine ndimaona kuti mzere wosadzaza suyenera kusiyiridwa makina.

Vuto lachiwiri ndi lalikulu, chifukwa limakhudza ndalama za wosewera. Pa padi, kufika pa chinthu ndi kuchigula ndi zochita ziwiri. Munthu amafika pa lupanga, n'kuwerenga mtengo ndi mphamvu zake, kenako n'kudina A. Chala chilibe kufika kopanda kudina. Wokonza akangolumikiza kudina kwa chala ndi batani la A, munthu amagula lupanga asanaone n'komwe mtengo wake. Njira yabwino ndi yakuti kudina koyamba kungosankha ndi kuonetsa tsatanetsatane, ndipo pambali pakhale batani lolembedwa kuti "Gula". Batani lobwerera nalonso lioneke pa sikirini, poti wachala alibe B.

Kukula kwa mabatani kumatsatira chala, chifukwa padi sidandaula ndi batani lalikulu. Apple imalangiza mapointi 44 mulitali ndi mulifupi, pomwe Google imati 48 `dp`, yomwe ndi pafupifupi mamilimita 9. Ngati zinthu zisanu sizikukwana pa mzere, chepetsani zikhale zinayi, osati kuzifinya.

Tsopano pa kusintha penipeni. Wosewera wadina ndi chala pamalo opanda batani, kenako wanyamula padi. Mu Unity kudina kotere kumachotsa fokasi. Akankha ndodo, palibe chikuyenda, ndipo amaganiza kuti gemu yaima kapena padi yafa. Zomwezo zimachitika akagula chinthu chotsiriza cha mtundu wake, batani lake n'kufufutidwa kampanda kali pomwepo. Mankhwala ake ndi kukumbukira chinthu chimene chinasankhidwa komaliza, kapena choyandikana nacho ngati icho chapita, ndi kubwezera fokasi pamenepo padi ikangogwedezeka:

```csharp
if (EventSystem.current.currentSelectedGameObject == null)
    EventSystem.current.SetSelectedGameObject(lastSelected);
```

Pali kanthu kena kamene ambiri amaiwala. Kudina koyamba kwa padi, pambuyo pa chala, kungodzutsa kampanda kaja, kusagule kanthu. Munthu sanaone pamene kaima, ndiye si chilungamo kumulipiritsa. Ngatinso anakoka mndandanda ndi chala mpaka chinthu chakale chija chabisika m'mwamba, fokasi idzukire pa chinthu chimene chikuoneka panopa, osati kumubwezera kumene anachoka. Akayambanso kugwiritsa chala, zilembo za A ndi B zichoke pa sikirini.

Poyesa, ikani manja kutali ndi sikirini ndipo yendani menyu yonse ndi padi yokha, mpaka kutuluka. Kenako bisani padi, muchite chimodzimodzi ndi chala. Kuyesa kwachitatu ndi kumene kumatulutsa zobisika: muzisintha pa sitepe iliyonse. Tsegulani sitolo ndi chala, sankhani ndi padi, kokani mndandanda ndi chala, gulani ndi padi, makamaka chinthu chotsiriza. Paliponse pamene mwakankha ndodo koma kampanda osaoneka, lembani dzina la tsambalo ndi chimene munadina musanafike pamenepo, chifukwa fokasi imatayika pa sitepe yam'mbuyo, osati pamene mwazindikirira.