Magazi otuluka si msambo, pitani mukayezetse

Namwino akamayankhula ndi gulu la amayi pamudzi, amatsindika kwambiri za khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imapha amayi ambiri ku Malawi kuposa khansa ina iliyonse.

Mayi akamataya magazi atakhala malo amodzi ndi bambo, kapena atasiya kale kusamba, asadikire kuti amve kuwawa. Chikazi chonunkha chosamva mankhwala nachonso nchoopsa. Kuchipatala amapaka viniga pakhomo la chiberekero. Malo odwala amayera, ndipo ngati ndi aang'ono amawawotcha tsiku lomwelo. Amayi omwe ali ndi HIV ayenera kuyezetsa pafupipafupi.

Chotupa cholimba m'bere, ngakhale chosapweteka, musachitemere mphini. Yambirani kuchipatala chaching'ono. Iwo adzakutumizani kuchipatala cha boma, mwinanso ku Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central.