Kugulitsa Katundu pa Kanema wa Pompopompo: Ndondomeko ya Ola Limodzi

Magulu a amayi ndi achinyamata amene amachita malonda m'boma lathu ayamba kuyesa njira yogulitsa katundu poulutsa kanema wa pompopompo pa Facebook. Wogulitsa amaonetsa katundu pafoni, ndipo oonera amalemba ndemanga kunena chimene akufuna. Vuto limene limagwera ambiri ndi lakuti kanema akatha, sadziwa kuti ndani watenga chiyani, ndani walipira, ndiponso kuti katundu apita bwanji. Pofuna kuonetsa mmene ntchitoyi iyenera kuyendera, tiyerekeze gulu la amayi oluka limene lili ndi zinthu 20 zogulitsa: madengu 8 a K12,000, mikeka 6 ya K9,000 ndi malichero 6 a K4,000.

Kukonzekera kumayamba patatsala masiku atatu

Choyamba ndi kutsimikiza kuti tsamba la gulu likuloledwa kuulutsa. Facebook imafuna kuti akaunti ikhale itatha masiku 60, ndipo tsamba likhale ndi otsatira osachepera 100. Izi zikatheka, gulu lisankhe tsiku ndi nthawi. Kwa gulu la kumudzi, Loweruka la kumapeto kwa mwezi, nthawi ya 3 koloko masana, ndi labwino: ogula a m'tauni amakhala atalandira malipiro, ndipo kuwala kwa dzuwa kumakwanira ngakhale magetsi atazima. Uthenga wolengeza utumizidwe pa tsambalo ndi pa WhatsApp patatsala masiku atatu, ubwerezedwe m'mawa wa tsikulo, ndipo utchule mitengo ya zinthu zingapo kuti obwera akhale atakonzeka kugula.

Chinthu chilichonse chipatsidwe nambala yakeyake yolembedwa papepala ndi zilembo zazikulu: madengu D1 mpaka D8, mikeka M1 mpaka M6, malichero L1 mpaka L6. Zoluka pamanja sizifanana ndendende, choncho munthu akangolemba kuti akufuna dengu lofiira, pambuyo pake pamabuka mkangano. Manambala omwewo alembedwe m'kaundula, pamodzi ndi mtengo ndi mipata inayi: wogula woyamba, wogula wachiwiri, malipiro ndi katumizidwe.

Mtengo wotumizira udziwike kanema asanayambe. Dengu ndi lopepuka koma limadya malo, ndipo a basi kapena a kampani yotumiza katundu akhoza kulipiritsa ndalama imene ingamudabwitse wogula. Gulu lifunsiretu mtengo wa ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, ndi kugwirizana kuti wolipira ndi wogula.

Tsiku lisanafike, gulu liyesere kuulutsa kwa mphindi zisanu pamalo omwewo ndi pa nthawi yomweyo, wina akuonera pafoni ina. Chithunzi chikamaima kapena mawu akamadukaduka, ndiye kuti netiweki ya pamalopo ndi yofooka ndipo malo asinthidwe. Kuulutsa kwa ola limodzi kukhoza kudya bandulo yoposa 1GB, choncho ndi bwino kugula ya 2GB.

Kagawidwe ka ntchito ndi ka nthawi

Ntchitoyi imafuna anthu atatu: woonetsa katundu, wogwira foni, ndi mlembi amene amawerenga ndemanga pafoni yachiwiri n'kumalemba m'kaundula. Foni youlutsira ikhale yodzaza batire, ndipo nambala yake isaperekedwe kwa ogula, pakuti wina akaimba kanema amatha kuduka. Wogwira foni agwiritse ntchito kamera yakumbuyo, chifukwa yakutsogolo nthawi zina imatembenuza zolemba kotero kuti manambala sawerengeka. Wailesi izimitsidwe, poti nyimbo za eni ake zikamveka Facebook ikhoza kutseka mawu a kanemayo.

Ola ligawidwe panayi. Mphindi zisanu zoyamba ndi zolonjera oonera ndi kufotokoza malamulo a kagulidwe. Mphindi 40 zotsatira ndi zoonetsa katundu, chinthu chilichonse mphindi ziwiri, kuyambira lichero lotsika mtengo kuti anthu aone mmene kugula kukuyendera. Kenaka mphindi khumi zikhale zobwerera ku zimene zatsala, ndipo zisanu zomaliza zikhale zowerenga mayina a ogula ndi kulengeza tsiku la kanema wotsatira. Woonetsa atchule nambala, mtengo ndi kukula kwake, ayeze mkeka ndi tepi anthu akuona, ndipo ngati pena palakwika polukapo, aonetse. Chilema chobisidwa chimadzabweza katundu.

Kucheza ndi oonera

Lamulo la kagulidwe likhale lalifupi: wofuna chinthu alembe mawu akuti NDATENGA ndi nambala yake, mwachitsanzo NDATENGA D3. Lamuloli libwerezedwe mphindi khumi zilizonse chifukwa anthu amalowa nthawi zosiyanasiyana. Palinso mfundo ina yofunika kuidziwa. Kanema amafika kwa oonera mochedwerapo ndi masekondi angapo, ndipo ndemanga sizindandalikidwa mofanana pamafoni onse, kotero kuti anthu awiri akhoza kukhulupirira kuti aliyense ndiye anayamba kulemba. N'chifukwa chake gulu linene poyambirira kuti foni ya mlembi ndiyo yoweruza. Mlembi alengeze mokweza dzina la woyamba ndi la wachiwiri, ndipo woonetsa adikire pang'ono asanapite ku chinthu china.

Mafunso ayankhidwe potchula wofunsayo mwaulemu, monga mayi kapena bambo uje. Ogula alangizidwe kuti asalembe manambala awo a foni pa ndemanga, koma atumize mwachinsinsi. Akuba amatola manambala otere n'kuimbira wogula ngati kuti ndi a gululo, kuti ndalama zipite kwa iwo. Gulu likhale ndi nambala imodzi yokha yolandirira ndalama, ndipo litchule dzina limene limaoneka munthu akamatumiza.

Kanema akatha

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndemanga si malonda kufikira ndalama italowa. Pasanathe ola limodzi, mlembi atumizire wogula aliyense chithunzi cha chimene wasankha, mtengo wake, mtengo wotumizira ndi nthawi yomaliza kulipira, monga 4 koloko masana a tsiku lotsatira. Uthenga wonena kuti ndalama yatumizidwa, kapena chithunzi chake, si umboni wokwanira popeza mauthenga abodza alipo. Msungichuma aone yekha ndalama zimene zili mu akaunti poimba *211# ngati ndi Airtel Money kapena *444# ngati ndi TNM Mpamba.

Tiyerekeze kuti pa zinthu 20 zija, anthu anasankha 14, koma olipira pa nthawi yake anali a zinthu khumi. Zinayi zotsalazo ziperekedwe kwa ogula achiwiri olembedwa m'kaundula. Awiri akalipira, gulu lagulitsa zinthu 12: madengu 6, mikeka 3 ndi malichero 3, ndalama zonse K111,000. Potumiza, katundu ajambulidwe atamangidwa, ndipo wogula auzidwe nambala ya galimoto kapena ya lisiti ndi nthawi imene angayembekezere. Patapita tsiku limodzi afunsidwe ngati walandira bwino.

Pomaliza gulu likhale pansi ndi kaundula uja. M'chitsanzochi madengu atsala awiri okha pamene theka la mikeka ndi theka la malichero latsala, choncho mwezi wotsatira kuluka kutsamire ku madengu. Zinthu 8 zotsalazo zijambulidwe ndi kuikidwa pa tsamba ndi manambala ake omwe aja, kuti amene anaphonya kanemayo athe kugulabe mkati mwa sabata.