Mabuku kapena matabuleti: mmene mphunzitsi amawerengera mtengo

Komiti ya sukulu ikapempha mphunzitsi kuti alembe lipoti la zoti igule, ambiri amaganiza kuti ntchito yake ndi kufunsa mitengo m'sitolo basi. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kumudzi, ndipo polemba lipoti lotere funso langa limakhala lina: chinthuchi chidzatidyera ndalama zingati chaka chilichonse mpaka chitatha? Mtengo wogulira timaugawa ndi zaka zimene chinthucho chikhale, kenako n'kuonjezerapo ndalama zochisamalira.

Tiyeni titenge kalasi ya Sitandade 5 ya ana 80. Mitengo ndiikeyi ndi yongoyerekeza, inu muikepo ya lero, pakuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wa katundu wochokera kunja sukhazikika.

Ana awiri akamawerenga buku limodzi, pafunika mabuku 40 pa phunziro lililonse. Pa Chichewa, Chingerezi, Masamu ndi Sayansi ndiye kuti mabuku 160. Tinene kuti limodzi ndi K6,000, zonse pamodzi K960,000. Bukulo likakhala zaka zitatu, pachaka ndi K320,000. Tikamabwezera chaka chilichonse buku limodzi losowa kapena long'ambika pa khumi alionse, tionjezera K96,000. Motero mabuku atidyera K416,000 pachaka.

Tsono matabuleti. Sitingagulire mwana aliyense, ndiye tinene 20, pa K200,000 iliyonse. Imeneyo ndi K4,000,000. Koma tabuleti siyenda yokha. Kwathu kuno mawaya a magetsi sanafike, choncho pafunika sola, batire lalikulu, machaja, mahedifoni ndi kabati yachitsulo yokhoma. Tiikepo K2,000,000. Zonse zikakhala zaka zinayi, pachaka ndi K1,500,000, tisanawerengere galasi losweka ngakhale limodzi kapena malipiro a mlonda.

Chimene chimasiyanitsa kwenikweni ziwirizi ndi kasamalidwe. Adani a buku timawadziwa tonse: chiswe, makoswe, denga lodontha ndi manja a ana. Mankhwala ake ali pafupi. Timalikutira ndi pepala lolimba, kulisoka ndi ulusi likayamba kuthothoka, ndi kuliika pa shelefu yosakhudza khoma kapena pansi. Kholo lililonse likhoza kuthandiza. Buku lotaya masamba asanu limaphunzitsabe ndi otsalawo.

Tabuleti ikadwala, mudzi wonse umangoiyang'ana. Batire lake limadana ndi kutentha, ndipo chipinda chamalata mu Okutobala chimalifooketsa msanga. Mudzazindikira poona kuti moto ukutha phunziro lisanathe. Mukaona kumsana kwake kwatupa kapena galasi likutukuka m'mbali, ichotseni m'manja mwa ana pomwepo, chifukwa batire lotupa likhoza kuyaka. Fumbi limatseka pobayira chaja. Batire la sola nalonso limafa msanga likamakamulidwa mpaka kutheratu, ndipo izi zimachitika anthu akayamba kutchajirapo mafoni. Likafa limenelo, matabuleti onse 20 amazima tsiku limodzi. Wokonza ali kutauni, ndipo ulendo wake ndi ndalama zimene anthu saziika m'bajeti.

Palinso nthawi. Matabuleti 20 pa ana 80 ndi magulu anayi. Gulu lililonse likagwira mphindi 30, papita maola awiri kuti onse alawe, ndipo ana 60 otsalawo amafunabe chochita, chimene nthawi zambiri ndi buku lomwelo.

Sindikunyoza tabuleti. Imalankhula, imatchulira mwana liwu la lembo, imamuuza pomwepo kuti walakwitsa, zimene mphunzitsi mmodzi sangachitire ana 80 mmodzimmodzi. N'chifukwa chake pulogalamu ya boma ya BEFIT, imene inayamba mu 2023, inalunjika pa Sitandade 1 mpaka 4, pa kuwerenga ndi masamu. Kumeneko matabuleti amabwera ndi sola, ndipo sukulu siwagula ndi thumba lake. Buku nalonso lili ndi polekezera: silabasi ikasintha limatha ntchito lidakali labwinobwino, ndipo likatsekeredwa mu ofesi poopa kuti ana aling'amba, ndalama zonse zija zapita pachabe.

Choncho lipoti langa limati: ndalama zikakhala za sukulu yokha, kaya zochokera ku boma kapena zosonkha makolo, tigule mabuku ndi kuwapereka kwa ana, dzina la wolandira aliyense lilembedwe m'kaundula. Matabuleti tiwalandire ngati wotipatsayo walemba pa pepala kuti adzakonza ndani, batire latsopano adzagula ndani, ndipo kwa zaka zingati. Inu a komiti, musasaine musanamve mayankho atatuwo.