Waranti ya inveta ya sola ili ndi malire

Wogulitsa akamapereka inveta ya sola, mawu oti “ili ndi waranti” sakwanira. Wogula afunika kumva kuti kampani yopanga imalonjeza kukonza kapena kusintha chipangizo pokhapokha vuto litachokera kufakitale. Nthawi yake imayamba kuwerengedwa tsiku logula, osati tsiku loyamba kuchigwiritsa ntchito.

Zomwe waranti imakana n’zimene zimabutsa mikangano pakauntala. Mphenzi ikaomba, madzi akadontheramo, kapena inveta ya mavoti 12 ikalumikizidwa ku mabatire a mavoti 24, kampani imati vutolo silake. Chimodzimodzi wina akapotoza mawaya a batire, wofiira n’kuika pa wakuda. Amisiri savutika kuzindikira, pakuti fyuzi ndi tizipangizo ta mkati timapezeka titapserera. Ambiri amagwa pa chidindo chomata pa sikulu: mmisiri wa pamsika akangotsegula kuti aone, waranti yathera pomwepo.

Pobweza, lisiti ndi nambala yosindikizidwa pa inveta ziyenera kugwirizana ndi khadi la waranti. Lisiti za makina zimafufutika msanga, choncho ndi bwino kuijambula tsiku lomwelo. Wogulitsa alembe vutolo, apereke chikalata cholandirira katundu, ndipo anene poyera yemwe alipire zotumizira.