Fungo lochokera m'mimba mwa namgumi

Mwa anamgumi aakulu a mtundu wa sipemu, owerengeka okha amapanga ambaguri m'matumbo mwawo, pokuta milomo yolimba ya nyama za m'nyanja zimene ameza. Ikangotuluka imakhala yakuda ndiponso yonunkha ngati ndowe. Ikayandama panyanja kwa zaka zambiri, dzuwa ndi mchere zimaiwumitsa, n'kusanduka yotuwa komanso yonunkhira. Opanga pefyumu ankaifuna chifukwa imachititsa kuti fungo likhalitse pakhungu.

Zachisoni n'zakuti ambaguri wina ankapezeka potumbula anamgumi ophedwa. Mu 1950 akatswiri a ku Switzerland anapanga ambulokisaidi kuchokera ku chomera cha mtundu wa seji. Mankhwalawa ali ndi fungo lenilenilo la ambaguri wokhwima, ndipo mapefyumu ambiri a masiku ano amadalira iwowo.