Oonera kanema ndi ambiri, nanga ogula ndi angati?

Mukadutsa mumsika wa Limbe, ku Tsoka ku Lilongwe kapena m'mashopu a ku Mzuzu, si zachilendonso kuona mwini shopu atanyamula nsapato dzanja limodzi, foni dzanja linalo, akujambula kakanema. Amapukuta kaye nsapatoyo ndi nsonga ya chitenje, kuitembenuza kuti pansi pake paoneke, kenako n'kuika kanemayo pa WhatsApp, pa Facebook kapena pa TikTok. Kuyambira pamenepo maso sachoka pa foni. Akatsitsa kasitomala mtengo amasuzumira, akamadya nsima ya masana amasuzumiranso. Nambala ya oonera ikakwera mtima umakhala m'malo, ikaima amayamba kudandaula kuti malonda avuta.

Chimandimvetsa chisoni n'chakuti nambala imene anthu amaikonda kwambiriyi ndi imene imanena zochepa za malonda. Pa TikTok, kanema akangoyamba kusewera basi, amawerengedwa kuti waonedwa, ngakhale munthuyo atamudutsa ndi chala nthawi yomweyo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Oonera ali pachala. Amene ali pamphuno ndi uja watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, kapena wafika pashopu n'kunyamula katundu.

Ndiye m'malo mosuzumira pa foni kakhumi pa tsiku, ndi bwino kupatula mphindi 20 kamodzi pa sabata, tsiku lomwelomwelo, nthawi yomweyomweyo. Ambiri Lamulungu masana akaweruka kutchalitchi ndiye amapezako mpata. Ena amakonda Lolemba m'mawa makasitomala asanayambe kubwera. Chofunika ndi kope limodzi la ntchito yokhayi, losiyana ndi lija mumalembamo angongole. Pa tsamba lililonse jambulani mizere yotsika kuti pakhale malo olemba tsiku limene munaika kanema, katundu amene ali mukanemayo, oonera, ofunsa ndi ogula. Mzere uliwonse wopingasa ndi wa kanema mmodzi.

Nambala ya oonera foni imakupatsani yokha. Ziwiri zotsalazo, ofunsa ndi ogula, palibe foni imene ingakuwerengereni bwinobwino, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Munthu akalemba kuti "Mayi, chikwama chija ndi zingati?" kokani kamzere kamodzi pa mzere wa kanema wa zikwama. Akagula, kokani kena pa malo a ogula. Wina sadzalemba uthenga n'komwe, adzangotulukira pashopu ndi kunena kuti akufuna chikwama chakuda cha zipi ziwiri. Ameneyo mufunseni pomupatsa chenje kuti, "Achimwene, munachiona pati?" Akati pa foni, funsani ngati ndi pa TikTok kapena pa WhatsApp, mukokenso kamzere. Mukapanda kufunsa funso limeneli, kanema amene wakubweretserani ndalama adzaoneka ngati sanagwire ntchito, ndipo mudzasiya kujambula zomwe zimakudyetsani.

Titenge chitsanzo cha mayi amene amagulitsa nsapato, zikwama za ana a sukulu ndi zitenje. Tiyerekeze kuti sabata ina anaika makanema atatu pa TikTok, nambala yake ya foni ikuoneka pa kanema aliyense. Wa nsapato zagogoda anaonedwa ka 2,400, anafunsa anthu 6, ndipo palibe anagula. Wa zikwama anaonedwa ka 380, anafunsa anthu 19, anagula 7. Wa zitenje anaonedwa ka 600, anafunsa anthu 24, koma anagula 2 okha.

Mayiyu akanangoyang'ana pa foni, akanati nsapato ndiye zatchuka, mwinanso n'kutenga mpamba wake kukapikula zina. Koma kope likunena zosiyana. Gawani oonera ndi ofunsa, kakyuleta ya pa foni yomweyo ikwanira. Pa nsapato, munthu mmodzi anafunsa pa oonera 400 alionse. Pa zikwama, mmodzi pa 20 alionse. Ngati chikwama chilichonse chimamusiyira phindu la K3,000, kakanema kooneka konyozeka kaja kabweretsa K21,000, pamene kanema wa anthu 2,400 wangodya bandulo.

Nanga chinavuta n'chiyani pa nsapato? Apa ndi pomwe mumatsegula tsamba la manambala a kanemayo pa TikTok ndi kuyang'ana polembedwa kuti `Average watch time`, kutanthauza nthawi imene anthu amakhala pa kanemayo tikawaphatikiza onse n'kugawa. Tinene kuti kanema wa nsapato ndi wa masekondi 30, koma nambalayo ikuti masekondi 4. Mayiyu akamuoneranso kanema wake apeza kuti anayamba ndi moni, kenako kuonetsa chitseko cha shopu, kenako mashelefu, ndipo nsapato inatulukira pa sekondi ya 9. Ambiri mwa anthu aja anachoka nsapatoyo asanaione. Choncho sitinganene kuti nsapato zakanidwa, chifukwa sizinaonedwe n'komwe. Mankhwala ake ndi kujambulanso, nsapato ili kuphazi kuyambira sekondi yoyamba, moni abwere pambuyo kapena asiyidwe.

Kanema wa zitenje ndiye wofunika kukhalirapo pansi, chifukwa vuto lake silili mukanema. Anthu anaonera, anakopeka, anafika polemba uthenga, koma mwa anthu 24 anagula 2. Penapake pakati pa funso ndi ndalama pali dzenje. Kuti mulipeze, tsegulani mauthenga onse 24, limodzilimodzi, muone pamene kukambirana kulikonse kunathera. Ntchitoyi ndi yotopetsa pang'ono koma siinama. Mukapeza kuti ambiri anangoti zii mutangotchula mtengo, ndiye kuti mtengo wawadzidzimutsa: mwina mnzanu wa benchi yoyandikana akugulitsa motsika, mwina kanemayo anakopa anthu amene thumba lawo silifika pamenepo. Mukapeza kuti funso linabwera 9 koloko m'mawa inu n'kuyankha madzulo, ameneyo anagula kale kwina. Ena mudzaona kuti anafunsa ali ku Karonga kapena ku Nsanje, ndipo anabwerera m'mbuyo atamva ndalama yotumizira katundu pa basi. Enanso amafuna chitenje chobiriwira chimene chinali pamwamba pa mulu mukanema, chomwe chinatha tsiku loyamba. Mavuto anayiwa amaoneka chimodzimodzi mu kope, koma mankhwala ake ndi osiyana kwambiri, n'chifukwa chake muyenera kuwerenga mauthengawo osati kungoganiza.

Pano ndinenepo maganizo anga pa chizolowezi chobisa mtengo, chija chomati "mtengo ku inibokisi". Chimachulukitsa ofunsa, inde, ndipo mwini shopu amamva ngati malonda akuyenda poona foni ikulira tsiku lonse. Koma ambiri mwa ofunsawo amangofuna kudziwa mtengo basi, ndipo inu mumataya nthawi ndi bandulo kuyankha funso limodzimodzi. Mukalemba mtengo pa kanema, ofunsa akhoza kuchepa, koma amene alembe amakhala atauona mtengowo n'kuuvomera mumtima. Musangokhulupirira ine. Yesani sabata ziwiri mtengo uli poyera, kenako muone mu kope lanu ngati ogula akwera kapena atsika.

Kuyesa kumeneku kuli ndi lamulo limodzi lomwe anthu amalephera kulisunga: sinthani chinthu chimodzi pa sabata. Mayi wathu uja akasintha chiyambi cha kanema, n'kutsitsa mtengo, n'kusinthanso nthawi yoikira kanema, zonse sabata imodzi, malonda akakwera sadziwa chimene chathandiza. Mwina wadzidulira phindu potsitsa mtengo pamene vuto linali kuchedwa kuyankha. Pansi pa tsamba la sabata iliyonse lembani chiganizo chimodzi chokha, monga chakuti "sabata ino ndiyankha mauthenga a zitenje ola lisanathe", ndipo Lamulungu lotsatira muyambire pa chiganizo chimenecho.

Amene mumadalira `Status` ya WhatsApp muli ndi kantchito kena kapadera. Zimene mwaika pamenepo zimafufutika pakatha maola 24, pamodzi ndi mndandanda wa amene aonera, kotero pofika Lamulungu simupeza kanthu. Muzolowere kutsegula sitetasi yanu isanathe, kuyang'ana nambala ili pa kachizindikiro ka diso, n'kuilemba mu kope kapena kujambula sikirini. Dziwaninso kuti nambalayo imakhala yoperewera, chifukwa amene anazimitsa `Read receipts` pa foni yawo saoneka ngakhale ataonera. Komanso sitetasi imaonedwa ndi anthu okhawo amene munasungirana manambala, omwe ambiri ndi makasitomala akale, achibale ndi anzanu a kumpingo. Anthu 90 a pa sitetasi akhoza kugula kuposa alendo 900 a pa TikTok, ndiye musamaphatikize manambala a malo awiriwa. Aliyense akhale ndi mzere wake.

Pali misampha iwiri imene imasokoneza ngakhale amene amalemba mokhulupirika. Woyamba ndi kuyerekeza makanema a misinkhu yosiyana. Kanema amene mwaika Loweruka sangapikisane ndi wa Lolemba lapitalo, chifukwa pa TikTok ndi pa Facebook oonera amapitiriza kubwera kwa masiku angapo. Nambala ya oonera muziilemba kanema akakwanitsa masiku 7, ndipo amene sanakwanitse adikire Lamulungu linalo. Wachiwiri ndi kalendala. Sabata ya malipiro kumapeto kwa mwezi siifanana ndi ya pakati pa mwezi pamene anthu matumba auma, ndipo zikwama za sukulu zimathamanga sukulu zikamatsegulira mu Sepitembala, osati chifukwa choti mwajambula bwino. M'mphepete mwa tsamba lembanipo mawu awiri atatu okukumbutsani: malipiro, mvula yambiri, magetsi anazima masiku awiri, kunali maliro shopu inatsekedwa.

Ndipo musamathamangire kuweruza ndi manambala ang'onoang'ono. Kuchoka pa ogula 2 kufika pa 3 si umboni wa chilichonse, mwina anangodutsa mlamu wanu. Dikirani masamba anayi adzaze, mwezi wathunthu wokhala ndi sabata ya malipiro ndi sabata zouma, kenako muwayale pamodzi. Katundu amene wabweretsa ogula masabata atatu mwa anayi ndi amene muyenera kumujambula kawirikawiri komanso kumuika patsogolo popita kukaoda. Amene waonedwa ndi anthu ambiri mwezi wonse koma osagulidwa, ngakhale mutakonza chiyambi cha kanema ndi kuika mtengo poyera, musaonjezereponso mpamba.

Lamulungu likubwerali, musanatsegule foni kuti muone oonera, yambani mwawerenga mauthenga a sabata yathayi ndi kulemba angati anafunsa ndi angati analipira.