Chidziwitso cha ntchito chikalembedwa ngati ndime imodzi

Mwini sitolo yogulitsa mbewu ndi feteleza akafuna kalaliki wosunga katundu, nthawi zambiri amalemba mmene amayankhulira. Chidziwitso chake chimatuluka chotere, chopanda popumira:

"Tikufuna munthu wokhulupirika wosunga katundu amene ali ndi MSCE, azilandira katundu ndi kulemba m'buku, malipiro ndi abwino, akhale woti anagwirapo ntchitoyi zaka ziwiri, aziwerenga matumba Loweruka lililonse, nkhomaliro ilipo, akadziwa Excel ndi bwino, nyumba tithandiza, njinga yamoto idzaperekedwa yokaperekera katundu."

Zambiri zofunika zilimo, koma mnyamata amene akuwerenga pafoni sangadziwe msanga ngati akuyenera kapena ayi. Mapeto ake mwini sitolo amalandira mulu wa makalata a anthu osayenera.

Choyamba ndi kuidula ndimeyi, mfundo iliyonse pamzere wake. Pano zikutuluka mfundo 11. Kenako mfundo iliyonse muifunse funso limodzi: kodi ichi munthu azichita akalembedwa, akhale nacho kale asanabwere, kapena azichilandira kwa ife? Mayankho atatuwa ndiwo mitu yanu: Ntchito zake, Zomuyenereza, ndi Zomwe azilandira.

Kulandira katundu, kulemba m'buku ndi kuwerenga matumba zikulowa pa mutu woyamba mosavuta. Mzere uliwonse uyambe ndi chochita, ndipo unene chinthu chooneka. "Kulemba m'buku" n'koperewera. Lembani kuti "kulemba m'buku katundu yense wolowa ndi wotuluka tsiku lililonse". Ntchito imene idye nthawi yambiri ikhale pamwamba.

Njinga yamoto ndi imene imasokoneza anthu, ndipo m'pamene phindu la kugawa kumeneku limaonekera. Chifukwa cha mawu oti "idzaperekedwa", ambiri amaiponya pa zomwe munthu azilandira. Koma njinga yokaperekera katundu ndi chipangizo cha ntchito, monga sikelo ya m'sitolo. Wantchito sapita nayo kumudzi kukaona makolo. M'chiganizo chimenechi mwabisala zinthu ziwiri zimene mwini sitolo sanazilembe. Muli ntchito yachinayi, yokasiya katundu kwa makasitomala, ndiponso muli chomuyenereza china, laisensi yoyendetsera njinga yamoto. Akazisiya zobisika choncho, adzalemba munthu wa masamu abwino amene sanagwirepo chiwongolero, n'kuyamba kukangana naye sabata yoyamba.

Zomuyenereza muzigawe pawiri. MSCE, zaka ziwiri pa ntchito yosunga katundu ndi laisensi ija n'zosati n'kusowa. Excel ndi yongowonjezera mwayi, choncho ikhale payokha pansi, apo ayi munthu waluso amene wazolowera buku ndi cholembera adzaopa kufunsira. Nanga "wokhulupirika"? Palibe amene amadzinena kuti ndi wakuba, ndiye mawuwa sasefa aliyense. Ine ndimawachotsa n'kuika chinthu chotheka kufufuza: mayina ndi manambala a anthu awiri amene anamulembapo ntchito. Zoti akhale mwamuna, wa mpingo wakuti kapena wa mtundu wakuti zisalowemo, poti lamulo la ntchito la Malawi la 2000 limaletsa tsankho lotere.

Mutu wachitatu ndi umene umayalutsa chidziwitso chosaganiziridwa bwino. Mukachotsa njinga, patsala "malipiro abwino", nkhomaliro ndi "nyumba tithandiza". Abwino kwa yani? Tchulani ndalama yake pamwezi, kapena poyambira ndi polekezera, ndipo munene ngati msonkho wachotsedwa kale. Za nyumba nenani poyera ngati ndi chipinda cha kuseri kwa sitolo kapena ndalama ya lendi. Apa m'pamenenso mwini sitolo amazindikira kuti tchuthi ndi penshoni sanazitchule n'komwe. Lamulo lomwe lija limapatsa munthu wogwira masiku 6 pa sabata tchuthi cholipidwa cha masiku 18 pachaka, ndipo wogwira masiku 5 amapeza 15. Kalaliki wathuyu amabwera Loweruka, ndiye ake ndi 18. Pa penshoni, wolemba ntchito amaika 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Izi n'zokakamiza, si mphatso, koma kuzilemba kumasonyeza kuti sitoloyo imatsata malamulo.

Kaonekedwe kake sikafuna zambiri. Mitu itatu ija ikhale ya zilembo zakuda kwambiri, pansi pa uliwonse mizere yaifupi, ndi mpata pakati pa mutu ndi mutu. Pa WhatsApp mutu umada mukautsekera ndi tinyenyezi:

```
*Ntchito zake*
```

Dzina la ntchito ndi malo ogwirira zikhale pamwamba penipeni. Kotumiza kalata ndi tsiku lotsekera sizilowa pa mutu uliwonse mwa itatuyi, n'chifukwa chake zimaiwalika kawirikawiri. Zipatseni mzere wakewake pansi.